Chithunzi cha Kasitomala Chisanakwere pa Intaneti: Zoyenera ndi Zosayenera

Fodya akagulitsidwa, ndalama n'kuyamba kuoneka m'matumba, ife a timashopu tosindikiza ta ku Bowe, ku Madisi mpaka ku Mponela sitipuma. Ndi nyengo ya zinkhoswe, maukwati ndi ziliza, ndipo aliyense akufuna khadi, posita kapena malaya okhala ndi nkhope ya munthu. Ntchito ikapanikiza chonchi, dzanja limathamangira ku masamba a pa intaneti aja ochotsa za kumbuyo kwa chithunzi, ochepetsa fayilo, osandutsa PDF kukhala chithunzi. Amathandizadi. Koma ambiri mwa iwo sagwirira ntchitoyo pa kompyuta yanu. Fayiloyo imachoka m'shopu, n'kukafika pa makompyuta a eni tsambalo, kaya ku Ulaya, ku Amereka kapena kwina, ndipo chimene chimabwerera kwa inu ndi zotsatira chabe. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku lina kunabwera bambo wina pa njinga, fumbi lili mbuu m'miyendo, akufuna mapepala a mwambo wa chiliza cha malemu bambo awo. Anatulutsa foni. Zithunzi zinalimo ziwiri zokha: china anajambula chiphaso cha unzika cha malemuwo atachigoneka pamphasa, china chinali cha tsiku la gule kumudzi kwawo, malemuwo atakhala pampando. “Achimwene, mungochotsapo nkhope yokhayo, muiike pamwamba pa mtanda,” anatero. Zambiri zimene ndalemba m'munsimu ndazimanga pa zithunzi ziwirizo.

Zoyenera: dulani chithunzi pa kompyuta yanu, mukweze kachigawo kokhako kamene kakufunika ntchito.
Zosayenera: kukweza chiphaso chathunthu chifukwa choti mukufuna nkhope.

Chiphaso cha unzika, chimene bungwe la NRB linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017, si chithunzi wamba. Pali dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa, ndipo kumbuyo kuli kabokosi ka timadontho kaja kamene makina amawerenga. Chiphaso chomwechi ndi chimene munthu amalembetsera nambala ya foni, kutsegulira akaunti ku banki ndi kugulira feteleza wotsika mtengo. Amene ali ndi chithunzi chake chooneka bwino ali ndi zokwanira kuimbira mwini wake foni n'kudzitcha wa ku kampani ya mafoni, akutchula dzina ndi tsiku lobadwa mosaphonya mpaka munthu kuulula nambala yake ya chinsinsi. Mwini wake akakhala kuti anamwalira, amene angaimbiridwe ndi mkazi wamasiye.

Tsamba lochotsa za kumbuyo silifuna zonsezi. Likufuna mutu ndi mapewa. Ndiye ntchito ya bambo uja inayenda chonchi. Chithunzi cha m'foni chinali cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Ndinachitsegula pa kompyuta intaneti ili yozima, n'kudula nkhope yokha, kusamala kuti pasatsale ngakhale chilembo chimodzi cha nambala m'mphepete. Kachidutswako kanatsala mapikiselo 450 ndi 550. Ndinakasunga ngati fayilo yatsopano ya JPG, ndi dzina losanena kanthu, `ntchito14.jpg`, chifukwa dzina la fayilo nalonso limakwera limodzi ndi chithunzi, ndipo ambirife timakonda kutcha fayilo dzina la kasitomala ndi mudzi wake.

Wina angadandaule kuti kachidutswa kotere katuluka koipa. Tiwerengere limodzi. Tsamba la remove.bg, mukaligwiritsa ntchito mosalipira, limabweza chithunzi chosaposa mapikiselo pafupifupi 250,000 onse pamodzi, ngakhale mutalipatsa cha mapikiselo 12 miliyoni. Kachidutswa kathu, 450 kuchulukitsa ndi 550, ndi mapikiselo 247,500, ndiye palibe chimene tinataya. Chikhala kuti tinakweza chiphaso chathunthu, tsambalo likanachepetsa chonsecho, nkhope n'kutsala kadontho. Posindikiza pa mapikiselo 150 pa inchi, kachidutswako kanakwana masentimita 7.6 ndi 9.3, malo okwanira bwino pa pepala la A5. Bandulo nayonso inapulumuka. Kawirikawiri njira yosunga chinsinsi ndi yomweyo yotulutsa ntchito yooneka bwino.

Kudulako kukhale kwenikweni. Mu 2023 kunadziwika kuti chida chodulira zithunzi cha m'mafoni a Google Pixel, ndiponso Snipping Tool ya Windows 11, zinkasiya mbali yodulidwayo itabisala m'fayilo, moti wodziwa ankatha kuibwezeretsa. Vutolo analikonza, koma laputopu zathu zambiri n'zogula kwa wina ndipo zatha zaka zisanalandire zokonza. Chizindikiro n'chapafupi: ngati mwadula chithunzi kutsala kachigawo kakang'ono koma fayilo ikulemerabe ngati poyamba, china chake chatsalira mkati. Sungani monga fayilo yatsopano, osati kulemba pamwamba pa yakale.

Zoyenera: yang'anani m'mphepete ndi kumbuyo kwa chithunzi musanayang'ane nkhope.
Zosayenera: kuganiza kuti poti tsambalo lichotsa za kumbuyo, ndiye kuti silinazione.

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Kuti tsamba lichotse za kumbuyo, liyenera kuyamba lazilandira. Inu mukuona nkhope yoyera pa mbuu, koma chimene chinafika kwa eni tsambalo ndi chithunzi chonse.

Chithunzi chachiwiri cha bambo uja chinali chokongola kuposa cha pachiphaso, malemuwo akuseka, atavala jekete. Nditachikulitsa, ndinaona kuti kuseri kwawo, m'mbali mwa mtengo, kamera inagwira chimene kuno kwathu sichionetsedwa kwa osameta. Ndinatembenuza laputopu kuti aone okha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Iyayi, chimenecho chisatuluke.” Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo zithunzi zake za pabwalo zili ponseponse, koma kutchuka kwa gule sikunachotse mwambo wa kudambwe. Zimene zili zololedwa kuoneka amadziwa ndi eni mudzi, osati ine wa pashopu, ndipo kampani ya kunja ilibe n'komwe poyambira. Chimodzimodzi zithunzi za kuchinamwali.

Si za mwambo zokha. Chithunzi cha mayi atanyamula mwana, pambali pakuoneka buku lake la kuchipatala lotsegula. Chithunzi cha komiti ya banki m'khonde, patebulo pali kaundula wa mayina ndi ngongole za aliyense. Chithunzi cha mphunzitsi mu ofesi, kukhoma kuli mndandanda wa ana ndi malikisi awo. Chithunzi cha wamalonda pakhomo pa golosale, nambala ya ejenti ndi ya foni zili poyera. Kamera za foni za masiku ano zimagwira zilembo zimene diso lanu silikuziona pa sikirini yaing'ono. Kulitsani chithunzi mpaka pa 100%, muyende nacho ngodya zonse zinayi. Zimatenga mphindi imodzi.

Bambo uja ankafunanso malaya, ndipo pa malayawo tinasankha chithunzi chachiwiri chomwecho, koma sichinakwere kulikonse. Ndinachichotsa za kumbuyo pamanja mu GIMP, pulogalamu yaulere yogwira popanda intaneti. Zinanditengera mwina theka la ola, ndipo tsitsi silinatuluke losalala ngati la makina, koma pa nsalu palibe anazindikira.

Zoyenera: fufutani zobisika za m'fayilo.
Zosayenera: kudalira kuti WhatsApp inachotsa kale.

Foni ikajambula, imalemba m'fayilomo tsiku, ola, mtundu wa foni, ndipo ngati mwini wake analola, malo enieni amene anaima. Zolembazi amazitcha EXIF. Mu 2012 John McAfee, mkulu wa mapulogalamu a kompyuta amene ankathawa apolisi a ku Belize, anadziwika kuti ali ku Guatemala chifukwa atolankhani amene anali naye anatulutsa chithunzi chake osafufuta malowo. Kwa ife nkhani si ya munthu wothawa. Ndi ya chithunzi chojambulidwa pakhomo pa mlimi amene wangolandira ndalama za fodya, kapena pakhomo pamene pali mwana wachialubino, m'dziko limene anthu achialubino akhala akusakidwa. Manambala awiri a m'fayilomo amafikitsa munthu pakhomopo osafunsa njira.

N'zoona kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa masiku onse chimafika zolembazi zitachotsedwa. Koma ife osindikiza ndi amene timauza makasitomala kuti atumize ngati `Document` kuti chisafooke, ndipo chikabwera motero, kapena pa chingwe, pa Bluetooth, pa memore khadi, chimafika ndi zonse. Pa Windows, dinani fayilo ndi batani la kumanja, musankhe `Properties`, kenako `Details`, ndipo pansi pali `Remove Properties and Personal Information`. Amene ali ndi ExifTool angathe kuona kaye ngati malo alimo, kenako n'kufufuta:

```
exiftool -gps:all ntchito14.jpg
exiftool -all= ntchito14.jpg
```

Lamulo loyamba likapanda kutulutsa kanthu, malo mulibe. Lachiwiri lili ndi misampha iwiri. Limasiya fayilo yakale pambali, yotchedwa `ntchito14.jpg_original`, ndipo imeneyo ili ndi zonse, choncho musaisokoneze ndi yoyera. Komanso limafufuta chizindikiro chouza kompyuta kuti kumwamba kwa chithunzi ndi kuti, moti nthawi zina chithunzi chimagona cham'mbali. Chikatero ingochitembenuzani, sichinaonongeke.

Zoyenera: funsani mwini nkhope, m'mawu amene angamve.
Zosayenera: kutenga amene walipira ngati mwini zonse zili m'chithunzi.

Wobweretsa ntchito si nthawi zonse amakhala mwini nkhope. Bambo uja ndinawafunsa ngati akubanja akudziwa za chithunzicho, ndipo anati anawatuma ndi atsibweni awo pa msonkhano wa banja. Pamenepo mtima unakhala pansi. Koma kumabweranso mnyamata ndi chithunzi cha mtsikana kuti “muchikonze chioneke bwino,” osanena kuti ndi ndani wake. Kumabwera mphunzitsi ndi zithunzi za ana makumi anayi zopangira ziphaso za sukulu. Zithunzi za ana ine sindikweza n'komwe. Ndi bwino kuwajambula ataima kutsogolo kwa nsalu yoyera, pasakhalenso chochotsa kumbuyo. Mphunzitsi ali ndi mphamvu yotolera zithunzizo kuti apange ziphaso, koma makolo sanamuuze kuti azitumize ku kampani ya kutsidya la nyanja.

Malamulo nawonso alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA. Lamuloli limafuna kuti wosunga uthenga wa munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, limakhwimitsa kwambiri pa za umoyo ndi za ana, ndipo limaika malire pa kutumiza uthengawo kunja kwa dziko. Kukweza fayilo pa tsamba la kunja ndi kutumiza kunja kumene, ngakhale mutakhala pa benchi ku Bowe. Pa za HIV palinso lamulo la 2018 loletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake, choncho posita ya gulu lothandizana la anthu amene ali ndi kachilombo si ntchito yoti mungoiponya paliponse.

Pofunsa, musanene kuti “ndichipanga pa kompyuta,” chifukwa kasitomala amamva kompyuta imene akuiona patebulopo. Ine ndimati: “Amayi, kuti chituluke msanga ndiyenera kuchitumiza ku makina a kampani ya kunja. Akachilandira sindingathe kuchibweza. Mukafuna chisachoke muno, ndichita pamanja, mudzatenge mawa.” Ambiri amati tumizani. Ena amati mawa. Onsewo ayankha akudziwa.

Zoyenera: tumizani chithunzi chophwatalala cha mbali imene ikufunika.
Zosayenera: kukweza fayilo yogwirira ntchito, ya PSD, CDR kapena AI, mmene ilili.

Fayilo ya wokonza zojambula ili ngati thumba la tsiku la msika: muli zimene mwagula lero ndi zimene munaiwala sabata yatha. Imakhala ndi zigawo zosanjikizana, ndipo chigawo chimene mwachibisa podina kadiso kaja sichinachoke. Ambirife timatenga satifiketi ya sukulu ina n'kuisandutsa ya sukulu ina, kalata ya mfumu ina kukhala ya mfumu ina, pongobisa zakale. Ndiye mukakweza fayiloyo kuti tsamba liisandutse PDF, mwatumiza siginecha ya mphunzitsi wamkulu, chidindo cha a gulupu ndi logo ya kalabu ya alimi, zonse zoyera bwino, zopanda za kumbuyo, zokonzeka kumatidwa pa kalata yabodza. Ine ndinazindikira izi mochedwa, nditatumizira mnzanga wina fayilo ya khadi la ukwati, iye n'kundiimbira akuseka kuti wapezamo chidindo cha mpingo. Anali mnzanga. Akanakhala wina, bwenzi nkhani ili kwa amfumu.

Chimodzimodzi kabokosi kakuda kophimba dzina pa PDF. Dzinalo likadali pansi pake. Yesani kulisankha ndi mbewa n'kulikopera pena: likatuluka, silinafufutike. Njira yodalirika ndi kutulutsa tsambalo ngati PNG kapena JPG mutaphimba kale, chifukwa pamenepo zigawo zonse zimasanduka chimodzi.

Palinso ntchito zimene chinsinsi chake ndi nthawi. Mayeso oyeserera amene sukulu yakupatsani kuti musindikize, mapepala opikisana nawo pa kontirakiti, posita ya wofuna ukhansala amene sanalengeze. Tonse tikukumbuka 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane. Za mtundu uwu zisakhudze intaneti mpaka tsiku lake litadutsa. Ndipo zilembo zogula ndi zithunzi za wojambula wina zimene zili m'fayilo zili ndi eni ake pansi pa lamulo la 2016 la umwini wa zaluso. Kasitomala anakulipirani kuti musindikize, osati kuti mugawe.

Zoyenera: dziwani ngati chidacho chikugwira ntchito pa makina anu kapena pa a eni ake.
Zosayenera: kukhulupirira tsamba chifukwa lili pamwamba pa zotsatira za Google.

Si zida zonse za pa intaneti zimene zimatenga fayilo. Squoosh, chochepetsera zithunzi, ndi Photopea, chimene chimatsegula ngakhale PSD, zimagwira ntchitoyo m'kati mwa kompyuta yanu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani tsambalo, mulisiye limalize kutseguka, muzimitse data, kenako muikemo chithunzi chopanda ntchito, kaya cha mbuzi. Likachikonza n'kukupatsani, ntchitoyo ikuchitikira kwanu. Likangozungulira kapena kudandaula za netiweki, ndiye kuti limatumiza. Kuyesaku kuli ndi malire ake: tsamba lomwelo lingakhale ndi batani lina limene limatumiza, makamaka la zokongoletsa nkhope kapena losungira fayilo pa akaunti, choncho yesani batani lenilenilo limene mukufuna kugwiritsa ntchito.

Pa zida zimene zimatumiza, muli mafunso atatu oti muwapezere mayankho pa tsamba lawo la `Privacy Policy` kapena `Terms`: amasunga fayilo nthawi yaitali bwanji, amaigwiritsa ntchito pophunzitsa makina awo kapena ayi, ndipo eni ake ndi ndani, ali kuti. Simufunika kuwerenga zonse. Dinani `Ctrl+F`, musake mawu akuti `delete`, `retain`, `train` ndi `license`. Tsamba limene silinena dzina la kampani kapena dziko, lisiyeni. Mu Malichi 2025 ofesi ya FBI ya ku Denver inachenjeza kuti masamba ena aulere osandutsa mafayilo amachitadi ntchitoyo, koma amatolamo uthenga wa anthu kapena kubweza fayilo yokhala ndi kachilombo ka kompyuta. Mukapempha JPG n'kulandira fayilo yothera ndi `.exe` kapena `.apk`, musaitsegule.

Dzina lalikulu nalo si chitsimikizo. Mu Meyi 2019 akuba analowa mu Canva n'kutenga uthenga wa maakaunti pafupifupi 139 miliyoni. Mu Juni 2024 Adobe inakakamizika kulembanso mfundo zake anthu atakwiya ndi mawu amene ankaoneka ngati akuipatsa mphamvu yoyang'ana ntchito zawo. Makampani otere amasintha mfundo, choncho zimene munawerenga chaka chatha muziwerengenso. Komabe ine ndimaona kuti ngozi yaikulu pa Canva m'mashopu athu ili pafupi kuposa akuba a kunja: akaunti imodzi, pasiwedi yodziwa anyamata onse a pashopu ndi ena amene anachoka kale, ndi maulalo otsegulidwa kwa `Anyone with the link` amene amayenda m'magulu a WhatsApp mpaka kufika kwa amene sanaitanidwe ku ukwatiwo.

Zoyenera: ntchito ikatha, sesani.
Zosayenera: kusunga chiphaso cha kasitomala “mwina adzabweranso.”

Fufutani pa tsambalo ngati pali batani lake, tsekani ulalo, ndipo musaiwale `Downloads`, `Recycle Bin` ndi foni yanu imene inalandira chithunzicho, makamaka ngati imakweza yokha zithunzi ku Google Photos. Mukazindikira kuti mwakweza chosayenera, fufutani pomwepo, lemberani eni tsambalo kuwapempha kuti achotse, ndipo muuzeni mwini wake tsiku lomwelo. Ngati chinali chiphaso, muchenjezeni kuti wina akaimba akutchula dzina ndi tsiku lake lobadwa, asapereke nambala ya chinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba.

Bambo uja anabwera Lachisanu kudzatenga katundu wake. Asananyamuke ndinawaitanira kuseri kwa tebulo, n'kufufuta zithunzi ziwiri zija iwo akuona. Ndinatsala ndi nkhope yodulidwa yokha, chifukwa anati alongo awo a ku Joni angafune malaya ena asanu. Anamanga katoni pa kaliyala ndi lamba wa chubu, n'kufunsa ngati ndingawasonyeze pozimitsira malo pa kamera ya foni yawo.